Kalata yopempha thandizo la timu ya ana: mmene tinapezera majezi

Majezi afika tsopano, ndiye ndingathe kulankhula mtima uli m'malo. Inu amene mukuyendetsa matimu a mpira a ana, musanalembe chilichonse, yambani mwafufuza kuti pakampani imene mukufuna kuipempha thandizo amavomereza ndalama ndani. Dzina lake ndi udindo wake zikhale pamwamba pa kalata. Kalata yongoti "kwa abwana" imagonera m'thireyi ya polandirira alendo.

Yathu inali ya tsamba limodzi. Ndime yoyamba inangonena kuti ndife ndani: timu ya anyamata osapitirira zaka 15, ligi imene timasewera, ndi bwalo lathu. Za umphawi wa ana sitinalembemo. Wamalonda amalandira madandaulo otere tsiku ndi tsiku, ndipo chimene iye amayang'ana n'chakuti apindulapo chiyani.

Kenako tinatchula chimene tikufuna. Sitinati "thandizo lililonse", chifukwa mukatero munthu amakupatsani mpira umodzi n'kukutsanzikani. Tinalemba majezi 18 okhala ndi makabudula ndi masokosi ake, awiri mwa iwo a magoloboyi, a mtundu wosiyana, komanso mipira 6 ya saizi 5. Kuseri tinamatako pepala la mitengo lochokera kwa osindikiza, kuti asaganize kuti tangoyerekeza.

Ndime ya phindu ndi imene tinakhalirapo pansi. Tinalemba kuti chizindikiro chawo chidzakhala pachifuwa pa jezi iliyonse nyengo yonse ya ligi, chikwangwani chawo chidzaima pabwalo pamasewero 10 apakhomo, ndipo dzina lawo lidzatchulidwa pa Facebook nthawi iliyonse tikamalengeza zotsatira. Chiwerengero cha owonerera tinachita kuwerenga pamasewero angapo n'kulemba chenichenicho. Musakokomeze, mwini bizinesi angathe kutulukira pabwalo osakuuzani. Tinalonjezanso kuti wopikisana naye pamalonda sadzaoneka pajezi yomweyo, ndipo amene anatithandiza anati mfundo imeneyi ndi imene inamukoka. Kwa amene sangakwanitse majezi tinasiya khomo lina: kugula mipira yokha, dzina n'kukhala pachikwangwani koma osati pachifuwa.

Tsopano za ofesi imene inandiwawitsa mutu. Kunthambi ya kampani ina anandilandira bwino, kalata anaidinda, n'kundiuza kuti ndibwere tsiku lakutilakuti m'mawa. Ndinafika nthawi yake, ndasiya ntchito yanga. Ndinakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, uku akundiuza kuti abwana ali pamsonkhano. Atatuluka, kalata yathu ili m'manja, anangoti, "Pepani bambo, zimenezi sitigamula ife, ndi za kulikulu, komanso bajeti ya chaka chino anatseka kale." Mawu amenewa sakanatha kunenedwa tsiku lomwe ankadinda lija? Chidindo chimangosonyeza kuti pepala lalandiridwa, basi. N'chifukwa chake ndikubwerezanso: funsani amene amasaina, ndipo funsaninso mwezi umene amakonza bajeti. Nthambi ikayamba kuyankha kuti "tiona" popanda kutchula dzina la munthu, dziwani kuti mphamvu ilibe.

Ndinaiwala za akaunti, chikhalirecho zimafunika musanatumize kalata. Kampani yolongosoka siika ndalama pa nambala ya foni ya kochi. Imafuna akaunti ya kubanki ya dzina la timu, yosainira anthu awiri, ndipo ena amafunsanso chikalata chosonyeza kuti ligi imakudziwani. Ife tinaonjezera kuti ngati akukayika, alipire okha kwa osindikiza, ndalama isadutse m'manja mwathu. Amene anavomera anachita zomwezo, ndipo anali mwini bizinesi wodzigamulira yekha, amene tinamuimbira patapita sabata chiperekereni kalata.

Akavomera, pemphani chizindikiro chawo chili mufayilo ya pakompyuta ya PDF kapena SVG. Chithunzi chotumizirana pa WhatsApp chimatuluka chachimbuuzi akachikuza, ndiye osindikiza amalipiritsa padera kuti achijambulenso. Pa kasindikizidwe kena mtengo umakweranso malinga ndi kuchuluka kwa mitundu, choncho gwirizanani msanga kuti ndalama imeneyo ndi ya ndani.

Popeza awa ndi ana, makampani a mowa, fodya ndi juga tinawasiya dala, ndipo onani malamulo a ligi yanu musanalonjeze malo aliwonse pajezi. Zithunzi za ana nazonso musazilonjeze makolo asanavomere polemba. Ife m'kalata tinangoti chithunzi cha timu yonse, cha ana okhawo amene makolo awo asaina.

Mzere womaliza wa kalata unalonjeza lipoti pakutha pa ligi, lokhala ndi malisiti, zithunzi za chikwangwani chili pabwalo ndi zotsatira za masewero. Msungichuma wathu wayamba kale kusunga zimenezi mufayilo, chifukwa pempho la chaka chamawa tidzalitumiza pamodzi ndi lipotilo bajeti isanatsekedwe.