Ndisanalembe buku la mjigo, ndinayamba ndamanga mndandanda wa mayina

Buku lokonzera mjigo wa Afridev lija ndalipereka, alilandira, ndipo tsopano ndikugona tulo. Linali la makomiti a mijigo ndi amisiri a m'midzi, masamba oposa 100, lochokera m'mapepala a Chingerezi a opanga mijigo. Chimene chinandipulumutsa ndi kamndandanda ka mayina pafupifupi 60 kamene ndinakonza ndisanalembe tsamba loyamba. Komatu kuti kavomerezedwe ndinaona zakuda ku ofesi ya bungwe limene linandipatsa ntchitoyo.

Nkhani ya ndalama ndiyambe nayo, chifukwa imandiwawabe. Iwo amalipira pa tsamba. Nditawauza kuti ndikufuna nthawi yokonza mayina kaye, mkulu woyang'anira ntchitoyo anati, "Achimwene, ife tikufuna buku, osati dikishonale." Ndiye kuti ntchito yonse ya mndandanda ndinaigwira ulele, thiransipoti ya m'thumba mwanga. Inu mukamasayina mgwirizano, onetsetsani kuti mndandanda walembedwamo ngati gawo loyamba la ntchito, ndi mtengo wake.

Kutola mayinawo sikovuta. Ndinawerenga mapepala onse ndi pensulo m'manja, n'kumalemba chipangizo chilichonse ndi ntchito iliyonse imene ikubwerabwera. Dzina longooneka kamodzi ndinkalisiya. Ndinkasunga okhawo amene munthu atawasokoneza angagule chinthu cholakwika kapena kumasula malo olakwika.

Zikatero musakhale pa desiki n'kumapeka Chichewa chokoma. Pitani pamjigo. Ine ndinapeza mmisiri wa mijigo wa dera lina ku Dedza tsiku limene ankasintha zipangizo, amayi a komiti ali pomwepo. Mjigo umenewu si wachilendo kuno, unayambira ku Malawi konkuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 usanakakonzedwenso ku Kenya, choncho anthu ali nawo kale mayina awoawo. Chilichonse chimene bambowo ankatulutsa m'chitsime ndinkachijambula, n'kufunsa, "Bambo, ichi mumachitchula kuti chiyani? Nanga kusitolo mumakati ndikufuna chiyani?" Kenako funso lomwelo kwa amayi aja.

Apa m'pamene ndinaona pamene buku likanafera. Mu mjigomu muli timalabala tosiyanasiyana, ndipo a komiti tonseto ankangoti labala. Pansi pa ndodo zimene zimalumikizana kuchokera ku handulo kutsikira m'chitsime pali pulanja, imene imakwera ndi kutsika n'kumakankha madzi. M'munsi mwake muli futuvavu, imene imakhala phee n'kumatseka kuti madzi asabwerere m'chitsime. Mu mijigo yambiri ziwirizi n'zapulasitiki ndipo thupi lake ndi lofanana ndendende. Chimazisiyanitsa ndi labala amene mwavekapo: pulanja imavala yusiro, futuvavu imavala olingi. M'kati mwa chilichonse muli bobini, labala winanso amene amatsegula ndi kutseka njira ya madzi. Pa ndodo iliyonse palinso senteralaiza, woletsa ndodoyo kukhula paipi.

Tsono taganizani buku lolemba kuti "sinthani labala". Mjigo ukamatulutsa madzi ochepa, woyamba kumukayikira ndi yusiro kapena bobini wa mu pulanja. Koma ukamachedwa kutulutsa madzi m'mawa, munthu kupopa mpaka thukuta madzi asanafike, ndiye kuti madzi akumabwerera pansi usiku, ndipo muyang'ane olingi, bobini wa mu futuvavu, kapena polumikizira mapaipi. Matenda awiri osiyana. Msungichuma wa komiti akapita kusitolo ndi mawu oti labala, abwera ndi amene wogulitsa wamutolera, asolola ndodo zonse, abwezeretsa, vuto lili pompo, ndalama za anthu zapita. N'chifukwa chake ndinagamula kuti labala asapezeke yekha m'buku monse ngati dzina la chipangizo. Chilichonse chikhale ndi dzina limene amachitchula kusitolo, ndipo pamene chaonekera koyamba pakhale chithunzi ndi chiganizo chimodzi chofotokoza ntchito yake. Pamene Chichewa chinali kale ndi dzina lomveka kwa onse, monga ndodo, ndinatenga lomwelo, ngakhale amisiri ena amati malodi.

Zonsezi ndinaziika mu Excel. Danga loyamba dzina la Chingerezi monga lilili pa pepala la zipangizo, lachiwiri dzina limene tasankha, lachitatu tanthauzo lalifupi, lachinayi nambala ya chithunzi. Panalinso madanga ena awiri amene anthu ambiri amawaiwala. Lina ndi la mayina oletsedwa: pa mzere wa ndodo ndinalembapo chitsulo, lodi ndi rodi. Linalo ndi la kuchulukitsa ndi kagwirizanidwe ka mawu, chifukwa mayina obwereka amavuta. Wina alemba bobini watsopano, wina bobini yatsopano. Wina mapaipi awiri, wina paipi ziwiri. Palibe amene walakwa, koma buku limodzi lisankhe njira imodzi, ndipo ine ndinalemba kuti bobini watsopano, mabobini awiri, paipi yatsopano, mapaipi awiri.

Kuti ndione ngati dzina limodzi ndalipereka ku zinthu ziwiri, ndinaika kachidule aka pambali pa mzere uliwonse:

```
=COUNTIF(B:B,B2)>1
```

Pamene patuluka TRUE, dzinalo labwerezedwa. Kanagwira pini, chifukwa kumutu kwa mjigo kuli mapini awiri: wina ndi pamene handulo imayendera, wina ndi wopachikapo ndodo. Ndinawapatsa mayina athunthu, pini wa handulo ndi pini wopachikira ndodo, ndipo sindinawadulepo ngakhale chiganizo chitalike.

Ndaiwala kunena za zochita. Mndandanda si wa zipangizo zokha ayi. Poyesa mjigo, malangizo amati mupope ka 40 pa mphindi imodzi ndipo madzi asachepere malita 15. Poyesa kudontha mumausiya mphindi 30, ndipo madzi ayenera kutuluka musanapitirire kupopa kasanu. Koma kupopa kamodzi n'kutani? Ana pamjigo amangogwedeza handulo pang'onopang'ono chapakati. Munthu akayesa motero, ndowa siifika pa mlingo, ndipo komiti imasula mjigo wabwinobwino. Ndinalemba mu mndandanda kuti kupopa kamodzi ndi kukweza handulo mpaka pamapeto n'kuitsitsa mpaka pamapeto. Kujiga, ngakhale ambiri timatero, ndinakuika m'danga la oletsedwa kuti wowerenga asaganize kuti ndi zochita ziwiri. Chimodzimodzi kumasula, kusolola ndi kuchotsa: kumasula ndi kwa mabawuti, kusolola ndi kwa ndodo, kuchotsa ndi kwa labala wakutha.

Tsopano tsiku lija la ku ofesi. Ndinapempha kuti tikumane, mndandanda auvomereze ndisanayambe kulemba, ndipo ndinanenetsa kuti aitane mmisiri mmodzi ndi wa komiti mmodzi. Anati bwerani 8 koloko. Ndinafika, abwana ali ku msonkhano wina. Ndinakhala pa benchi mpaka nkhomaliro, alonda mpaka kundimvera chisoni n'kundigawira chimanga chootcha. Titalowa, mmisiri kulibe, wa komiti kulibe, akuti panalibe ndalama ya alawansi. M'chipindamo munali anthu a m'maofesi okhaokha, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anagwirapo sipanala ya mjigo. Masana onse anathera pa l ndi r. Wina akuti oringi, wina akuti olingi, wina akuti kwawo satero. Chonsecho malamulo a kalembedwe ka Chichewa alipo, ndipo mwachidule r amabwera pambuyo pa i kapena e, kwina konse ndi l. Nkhani ya mphindi ziwiri imeneyo. Za yusiro ndi olingi, zimene ndinabwerera, sitinazikhudze n'komwe. Dzuwa likupendeka abwana anati, "Pitirizani achimwene, tiona mukamaliza." Osasayina.

Mawu oti tiona mukamaliza musawavomere. Ine ndinabwerera kunyumba, n'kutumiza mndandandawo pa imelo ndi mawu akuti ndikuyamba kulemba ndi mayina awa, amene ali ndi chotsutsa anene pofika Lachisanu. Anayankha ndi liwu limodzi lovomera, ndipo imeloyo ndinaisunga ngati chiphaso cha malo.

Inandithandiza, chifukwa nditapereka mitu yoyambirira, wina wa mu ofesimo anaona kuti ndodo ndi dzina lachimidzimidzi. Anatsegula Word, Ctrl+H, Replace All, ndodo iliyonse n'kukhala chitsulo. Chikalata chinabwerera chili ndi ziganizo monga "sololani chitsulo zonse", "chitsulo yoyamba ikatuluka", "gwirani chitsuloyo". Kompyuta imasintha dzina lokha, koma m'Chichewa dzina likasintha limakoka chiganizo chonse. Komanso ndodo ndi ndodo kaya ndi imodzi kaya khumi, pamene chitsulo chimafuna zitsulo, ndiye kuti aliyense wokonza ayenera kuwerenga chiganizo chilichonse kuti adziwe ngati pakunenedwa imodzi kapena zambiri. Kuwonjezera apo, handulo ndi chitsulo, mapini ndi zitsulo, mutu wa mjigo ndi chitsulo. Ndinangowatumizira imelo yawo ija pamodzi ndi mzere wa ndodo wa mu mndandanda, n'kubwezeretsa chikalata changa chakale. Sanalimbane nane. Kukanakhala kuti palibe cholembedwa, bwenzi tikukanganabe. Vomerezetsani mndandanda polemba, ndabwerezanso dala.

Pofufuza mayina oletsedwa kumapeto kwa mutu uliwonse, musasake dzina lathunthu. Sakani tsinde lake. Mukalemba tsulo mu Ctrl+F mugwira chitsulo, zitsulo, kachitsulo ndi pachitsulocho nthawi imodzi, ndipo jig agwira kujiga ndi mukajiga, ngakhale akubweretseraninso mjigo wambirimbiri woti mudumphe. Find whole words only ikhale yosachonga, apo ayi mawu onse amene ali ndi cho, yo kapena pa womatirira akudutsani. Ndinkachita zimenezi mutu ukangotha, osadikira buku lonse.

Mayina atsopano amatulukirabe m'kati mwa ntchito, zimenezo n'zosapeweka. Nditafika pa mutu wa zogwera m'chitsime ndinakumana ndi kachipangizo kokolera futuvavu poitulutsa, kamene sindinakaike poyamba. Ndinaimitsa kulemba, n'kuimbira bambo a ku Dedza aja. Anati iwo amangoti mbedza, ndipo a komiti amamva. Ndinakalowetsa mu mndandanda, n'kulemba deti pa dzina la fayilo, n'kutumizanso ku ofesi ndisanapitirize chiganizo chimene ndinasiyira. Mndandanda womaliza ndinauika kumapeto kwa buku pamodzi ndi zithunzi, dzina la Chichewa pambali pa la Chingerezi, kuti msungichuma azingoloza chala akafika kusitolo. Pa ntchito yonse ya mndandanda, masamba amenewo okha ndiwo anandilipira.