Tsiku lonse linapita chifukwa cha masamu ogawa ndi 10

Kuseri kwa nyumba yanga ku Eriya 25 kuli kadimba ka mamita 6 m'litali ndi mamita 4 m'lifupi, ndipo chaka chino ndinadzalamo chimanga chootcha. Itakwana nthawi yothira feteleza wobereketsa, pepala la ulangizi limene ndinali nalo linkanena za makilogalamu pa hekitala, pamene ine ndinali nditagula yureya wapang'ono woyeza pasikelo.

Ndinakwera minibasi ziwiri kupita ku ofesi ina kukafunsa, ndipo ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, akundiuza kuti amene amadziwa zimenezi atuluka. Atafika, anangoti, "Bambo, kamunda kotero mungowaza chapamanja." Mpaka lero yankho limeneli limandipweteka, chifukwa kuwaza chapamanja n'kumene kunandiwauliratu chimanga chaka chatha, masamba n'kuuma m'mphepete ngati apsa ndi moto.

Masamu ake ndinawapeza ndekha madzulo omwewo. Hekitala imodzi ndi masikweya mita 10,000, ndipo kilogalamu imodzi ndi magalamu 1,000, choncho nambala ya makilogalamu pa hekitala mukaigawa ndi 10 mwapeza magalamu pa sikweya mita imodzi. Matumba atatu a yureya a makilogalamu 50 ndi makilogalamu 150 pa hekitala, kutanthauza magalamu 15 pa sikweya mita. Kadimba kanga ndi masikweya mita 24, ndiye kankafunika magalamu 360 okha.

Koma ndisanafike pa 150 ndinatsala pang'ono kulakwitsa, ndipo ichi ndinayenera kuchinena poyamba. Papepala paja panalembedwa makilogalamu 69 a nayitirojeni, osati a yureya. Ndikanagawa 69 ndi 10 ndikanathira magalamu 7, osakwana ndi theka lomwe, ndipo chimanga chikanachita chikasu kuyambira masamba am'munsi. Yureya ali ndi nayitirojeni 46 pa 100 alionse, monga zalembedwera pathumba, choncho 69 amayamba wagawidwa ndi 0.46 kuti apereke 150. Muonenso ngati mlingowo ndi wa hekitala kapena wa ekala, chifukwa ekala ndi masikweya mita pafupifupi 4,047, ndipo pamenepo kugawa ndi 10 sikugwira.

Chimanga changa ndinadzala mbewu imodzi paphando, mizere yotalikirana masentimita 75 ndi mapando masentimita 25, zimene zinandipatsa mapando 128. Magalamu 360 kugawa ndi 128 ndi pafupifupi magalamu 3 paphando. Ndinabwereka kasikelo kakukhitchini kwa a neba, n'kuyeza magalamu 30, n'kuwagawa timilu khumi tofanana kuti ndione kamulu kamodzi kamafika pati m'kachitsekero ka botolo. Ndinkakumba kadzenje patali masentimita 10 ndi phesi, dothi lili lonyowa, n'kukwirira kuti yureya asauluke.

Ndalama za minibasi zija zinaposa mtengo wa fetelezayo, pomwe chimene ndinkafuna kumva ku ofesi kuja chinali chakuti ndigawe 150 ndi 10.