Mayi uja anadzidzimuka ndi chiyani?

Mwezi uno kumaphunziro a zokonza makanema anatipatsa ntchito yoika mawu olembedwa pansi pa kanema wa mphindi zitatu. Ine ndinasankha kasewero kamene tinajambula ndi anzanga ku Ndirande: mayi wakhala pakhonde akusankha nyemba, kenaka akudzidzimuka mpaka lichero kugwa. Ndinalemba zonse zimene anthu ankayankhula, ndipo ndinatumiza kwa achemwali anga ku Chilomoni, amene samva kuyambira ali mwana. Yankho lawo linali lalifupi. "Achimwene, mayiyu wadzidzimuka ndi chiyani? Komanso pakati apo mawu sakuoneka."

Vuto la kusaonekalo linali la mtundu. Zilembo zanga zinali zoyera, ndipo pakati pa kanemayo kamera inaloza khoma lopaka laimu pamene pankawomba dzuwa. Pali muyezo wotchedwa WCAG umene umati kuwala kwa zilembo wamba ndi kwa chimene chili kumbuyo kwake kusiyane ndi 4.5:1 kapena kuposa. Zoyera pa zakuda zimafika 21:1. Nditayeza mtundu wa khoma lija ndinapeza wotuwa wofanana ndi #CCCCCC, ndipo zoyera pamenepo zimangofika 1.6:1. Kusintha zilembo kuti zikhale zachikasu sikukanathandiza, chifukwa chikasu nacho n'chowala. Chithunzi cha kanema chimasinthasintha, choncho palibe mtundu umodzi woti n'kuoneka ponseponse. Chimene chinathandiza ndi kuika kabokosi kakuda kumbuyo kwa zilembo.

Popeza kwathu kuno makanema amayenda kwambiri pa WhatsApp, pamene fayilo ya .srt, yosunga mawu olembedwawo, siyenda limodzi ndi kanema, ndinamatiratu mawuwo pa chithunzi ndi pulogalamu ya ffmpeg:

```
ffmpeg -i sewero.mp4 -vf "subtitles=mawu.srt:force_style='BorderStyle=3,Outline=2,FontSize=20'" lomaliza.mp4
```

Chimene chimabweretsa kabokosi ndi `BorderStyle=3`. Kuipa kwa njirayi n'kwakuti woonera sangathenso kukulitsa kapena kuzimitsa mawuwo, ndiye kukula kwake uyenera kukuyesa wekha pa foni yaing'ono, panja, masana.

Funso loyamba lija ndi limene linandikhudza kwambiri. M'kasewero kathu, mayi amadzidzimuka chifukwa wina wamenyetsa chitseko cha geti kumbuyo kwa nyumba, kumene kamera sinaloze. Ine ndinkamva phokosolo nthawi zonse pokonza kanema, moti sizinandibwerere m'maganizo kuti kwa achemwali nkhani yonse yaduka pomwepo. Iwo anangoona munthu akutaya nyemba popanda chifukwa. Ndinakonza chonchi:

```
14
00:01:12,400 --> 00:01:14,600
[geti lamenyetsedwa kuseri kwa nyumba]

15
00:01:15,000 --> 00:01:17,200
MWANA (ali kuseri): Amayi, abwera!
```

Poyamba ndinalemba kuti "phokoso" basi, koma mawu amenewo sanena kalikonse. Woonera amafuna kudziwa chimene chalira ndi kumene chalirira. Chimodzimodzinso woyankhula amene sakuoneka: ukapanda kumutchula, zimakhala ngati mawuwo akunena ndi munthu amene nkhope yake ili pa chithunzi.

Nditazindikira zimenezi ndinapyola muyeso. Ndinalemba tambala aliyense, minibasi iliyonse yodutsa, mpaka wailesi ya aneba. Achemwali anati maso awo atopa, ndipo nkhope za osewera sanazione n'komwe. Tsopano ndimadzifunsa funso limodzi pa phokoso lililonse: kodi pali wina m'kanemamo amene wachitapo kanthu atalimva, kapena likusintha mmene nkhani ikumvekera? Geti linakhala, tambala anachoka. Nyimbo ya kumapeto ndinailemba kuti ndi ya chisoni, yoimbidwa ndi gitala, chifukwa ndiyo imauza omvera kuti mlendo wabwerayo sanabwere ndi uthenga wabwino.

Za kutalika kwa mizere tinaphunzira kuti isapitirire iwiri, ndipo mzere uliwonse ukhale wa zilembo pafupifupi 42. Malamulo amenewa sanapangidwire Chichewa. Mawu amodzi a Chichewa ngati "ndinkakuyembekezerani" ali ndi zilembo 21, theka la mzere. Ndiye kuwerenga kuchuluka kwa mawu pa mphindi kumanamiza. Ndi bwino kuwerenga zilembo, ndi kudula mzere pamene munthu angapumire poyankhula.

Achemwali anandikumbutsanso kuti anzawo ambiri chinenero chawo chenicheni ndi chamanja, ndipo kuwerenga Chichewa chothamanga kumawavuta. Kwa iwowo mawu olembedwa salowa m'malo mwa womasulira, choncho kanema wotsatira ndasiya malo kudzanja lamanja oti adzaonekerepo. Kanema wa nyembayo ndinamuoneranso ndekha foni ili chete, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo ndinapeza malo enanso awiri pamene munthu ankaseka kuseri koma ine osalemba.