Waya wa mamita 40 ndi mivi iwiri

Yankho ndinkalidziwa kale, n'chifukwa chake funsoli ndinkalipeputsa. Uli ndi waya wa mamita 40, ukufuna kutchinga malo a mbali zinayi okhala ndi ngodya zowongoka, kaya ndi dimba kaya khola la nkhuku. Mulitali ndi mulifupi zikhale bwanji kuti m'kati mukule kwambiri? Ukangoyesa manambala angapo umapeza kuti ndi 10 kwa 10. Koma m'kalasi ya kalikyulasi anatiuza kuti tipeze yankholi ndi njira ya Lagrange, katswiri wa masamu uja anabadwira ku Turin mu 1736, ndipo ine ndinkangokopera masitepe osamvetsa kuti mivi iwiri ikulowamo bwanji m'nkhani ya waya.

Ndinayamba ndi kulemba zinthu ziwiri padera: chimene ndikufuna kuti chikule, ndi chimene chandimanga manja. Mulitali ndinautcha x, mulifupi y.

```
f(x, y) = xy
g(x, y) = 2x + 2y = 40
```

Kenaka girediyenti, imene chizindikiro chake ndi ∇. Kwa ine mawuwa anayamba kumveka nditasiya kuwaona ngati fomula n'kuyamba kuwaona ngati muvi. Ukaima pamalo ena alionse papepala la girafu, muviwo umaloza kumene chinthu chako chikukwera msanga, ngati mmene umaonera kokwera kwambiri ukaima pakati pa phiri. Kuupeza n'kosavuta. Ukasuntha x pang'ono y ali chiimire, malo amakula molingana ndi y. Ukasuntha y, amakula molingana ndi x. Waya naye amawonjezeka ndi 2 mbali iliyonse imene wasuntha.

```
∇f = (y, x)
∇g = (2, 2)
```

Apa ndi pamene ndinkakakamira. Lamulo limati pamalo pabwino kwambiri mivi iwiriyi iyenera kugona pamzere umodzi, wina akhale mnzake wochulukitsidwa ndi nambala inayake yotchedwa lamuda, imene chizindikiro chake ndi λ. Chifukwa chiyani? Ndinatenga pensulo n'kujambula mzere wa 2x + 2y = 40, wochokera pa (0, 20) kutsika mpaka pa (20, 0). Malo onse amene waya wanga angatchinge ali pamzere umenewu basi. Kuchokapo ndiye kuti ndagula waya wina kapena ndasiyako wina.

Ndinaima pa (14, 6), pamene malo ndi masikweya mita 84. Muvi wa waya, (2, 2), unaima chopingasa ndi mzerewo, ndipo umatero paliponse, chifukwa ukamayenda motsata mzere waya sasintha. Koma muvi wa malo unali (6, 14), wopendekera kumtunda. Kupendekako ndiye chizindikiro. Kukutanthauza kuti mbali ina ya muviwo yagona motsata mzere wanga, ndipo nditha kuyenda kulowera komweko osaphwanya lamulo la waya, malo n'kumakula. Ndikachotsa mita imodzi pa x nditaya pafupifupi 6, ndikaiika pa y ndipeza pafupifupi 14. Ndinayesadi: (13, 7) inandipatsa 91. Pamenepo muvi ndi (7, 13), wopendekabe, koma pang'ono. Pa (12, 8) ndinapeza 96, pa (11, 9) 99. Phindu la sitepe iliyonse linkachepa, 7, kenaka 5, kenaka 3, ndipo muvi unkawongoka pang'onopang'ono.

Pa (10, 10) muvi wa malo ndi (10, 10). Sukupendekera uku kapena uko. Ukuloza kunja kwa mzere, komwe muvi wa waya ukuloza, ngati ukunena kuti: ukafuna malo okulirapo, kagule waya. Motsata mzere palibenso chopeza. Ndiye sikuti mivi ikufanana mwa matsenga ayi. Ikapanda kugona pamodzi, pamakhala potsala poti n'kusunthira.

Nditamvetsa izi, kuwerengera kunangotenga mizere inayi.

```
y = 2λ
x = 2λ
2(2λ) + 2(2λ) = 40
λ = 5,  x = y = 10,  f = 100
```

Ulendo woyamba ndinaima pa mzere wachiwiri, ndaona kuti x ndi y n'zofanana, n'kumadabwa kuti nambala yeniyeni ili kuti. Ndinali nditaiwala kubwerera ku waya. Zosadziwika ndi zitatu, x, y ndi lamuda, choncho ikweshoni yachitatu ndi ya waya yomweyo. Mivi imangokuuza maonekedwe, kuti ndi sikweya. Kukula kwake amanena ndi waya.

Chinthu china chimene ndinachiphunzira mochedwa n'choti njirayi sikuuza kuti wafika pansonga. Imangokusonyeza pamene sungapindule kapena kutaya posuntha pang'ono, ndipo pansi pa chigwa pamakhalanso chimodzimodzi. Komanso m'mafunso ena lamuda amatuluka ndi mainasi, mivi itafulatirana pamzere womwewo, ndipo sikulakwa. Choncho uyenera kudzitsimikizira wekha. Kuno n'kophweka: (11, 9) ndi (9, 11) zonse zikupereka 99, ndipo kumapeto kwa mzere, pa (20, 0) ndi (0, 20), waya wangopindika pawiri, m'kati mulibe kanthu. Kumapetoko njira ya mivi sikuonako n'komwe, uyenera kukayang'anako dala.

Lamuda ndinkamutaya ngati chikoko cha mtedza ndikangopeza x ndi y. Kunali kulakwa, chifukwa 5 ameneyu ali ndi tanthauzo: ndi mtengo wa mita imodzi ya waya poyezera ndi malo. Ndinayesa ndi waya wa mamita 41. Mbali iliyonse ndi 10.25, malo ndi 105.0625. Awonjezeka ndi 5 ndi kakang'ono pamwamba, ndipo kakang'onoko kabwera chifukwa mita yathunthu si kusuntha kochepetsetsa.

Pa lamuda yemweyu tinatsutsana ndi mnzanga wa m'kalasi. Iye anapeza 10, ine 5, koma tonse sikweya ya 10 kwa 10.

"Aise, walakwitsa penapake," anatero.

Titaika mapepala pamodzi tinaona kuti iye analemba waya ngati x + y = 20. Muvi wake unali (1, 1), theka la wanga, ndiye lamuda wake anayenera kukula kawiri. Wakeyo ankayeza phindu la kuwonjezera 1 pa 20, komwe n'kugula mamita awiri a waya. Tonse tinakhoza.

Kunena zoona, pa funso ili lokha njira ya Lagrange ndi nkhwangwa yodulira bonongwe. Ungolemba y = 20 − x, n'kumaliza msanga. Ndinaona ubwino wake nditasintha funso pang'ono: mbali imodzi ikhale khoma la nyumba, waya utchinge mbali zitatu zokha. Malo akadali xy, muvi wake sunasinthe. Chasintha ndi waya, x + 2y = 40, ndipo muvi wake tsopano ndi (1, 2). Kuti (y, x) agone pamodzi ndi (1, 2), x ayenera kukhala kawiri kwa y. Ndinali nditalembapo kale "sikweya" pambali chifukwa cha chizolowezi, ndinafufuta. Yankho linatuluka mamita 20 motsata khoma, mamita 10 kuchoka pakhoma, malo masikweya mita 200, ndipo lamuda ndi 10.