Muli ndi zaka 45? Penshoni iwerengereni lero

Pa msonkhano wa ogwira ntchito a zaka za m'ma 40, mfundo yomwe inagwedeza anthu inali ya masamu chabe. Tiyerekeze kuti muli ndi zaka 45, mupuma pa 60, ndipo ndalama zanu zikukula ndi 4 peresenti pachaka mutachotsa kukwera mitengo kwa zinthu. Mukamasunga 20 peresenti ya malipiro anu, n'kumakweza choperekacho mitengo ikakwera, pa 60 mudzakhala ndi malipiro a zaka pafupifupi 4. Mukazengereza mpaka 50, adzakhala a zaka 2 ndi miyezi 5 basi. Zaka 5 zoyambazo n'zimene zimabereka nthawi yaitali.

Koma ndalama ya zaka 4 muidye zaka 20? Zikatero, yotsalayo ikamakulabe ndi 4 peresenti, muzidzalandira pafupifupi 30 peresenti ya malipiro anu akale. N'chifukwa chake ine ndimati woyamba mochedwa asadalire kusunga 10 peresenti yokha ya malipiro.

Funsani sitetimenti ya penshoni muone ngati abwana akutumizadi zomwe amakudulani, chifukwa ena amadula koma osatumiza. Onaninso zomwe osunga ndalama amadula: 2 peresenti pachaka imadya theka la phindu lija. Ndipo mukasintha ntchito, ndalamayo isamutseni, osaitapa.