Kusiyana kwa K124,000 komwe kunandipusitsa

Ndimagwira ntchito ya ukalaliki m'shopu ya zipangizo zomangira ku Luchenza, ndipo Loweruka masana ndimaphunzira zosunga mabuku a ndalama. Mwezi woyamba umene bwana anandisiyira kuti nditseke ndekha mabuku a zogulitsa unali Julaye wa 2024. Ndikulemba pano zomwe zinachitika chifukwa ndinalakwitsa chinthu chimene ndinkati ndikuchidziwa kale.

Pa 1 Ogasiti m'mawa ndinasonkhetsa ndalama zonse zomwe zinalowa mu Julaye: zomwe tinakasiya kubanki, zomwe anthu anatumiza okha ku akaunti, za pa Airtel Money, za pa Mpamba, ndi zomwe zinagona m'dilowa pa 31. Za chenje zomwe timayambira nazo m'mawa ndinachotsa. Zinakwana K9,910,000. Ndinalemba kuti "zogulitsa za Julaye" n'kutumiza pa WhatsApp kwa akauntanti athu, mayi ena a ku Limbe omwe amatilembera mafomu a msonkho ku MRA. Sipanadutse mphindi khumi anaimba.

"Achemwali, mwanditumizira ndalama zomwe zalowa. Ine ndikufuna katundu yemwe watuluka. Ma Z Report anu akuti chiyani?"

Z Report ndi kapepala kamene makina a EFD, odulira malisiti a msonkho, ankatulutsa potseka tsiku, kosonyeza zonse zomwe zadulidwa risiti tsikulo pamodzi ndi msonkho wa VAT. Ndinatenga timapepalato, n'kutiyala pa kauntala motsatana manambala, chifukwa nambala imodzi ikadumpha ndiye kuti tsiku lina lasowa. Palibe yomwe inadumpha. Zonse pamodzi zinali K9,786,000. Kusiyana ndi nambala yanga ija kunali K124,000 basi, ndipo ndinawauza mayiwo monyadira kuti ndaphonya pang'ono chabe. Anaseka. Anati kusiyana kwakung'ono ndiye koopsa, chifukwa kawirikawiri kumakhala zinthu zikuluzikulu zomwe zabisana, china chokweza china chotsitsa. Anandiuza kuti ndiyambire pa nambala ya ma Z, ndiyende phazi ndi phazi mpaka ndikafike pa ndalama zomwe ndinawerenga.

Choyamba chinali ngongole yatsopano. Pa 30 Julaye mmisiri wina yemwe ankamanga nyumba ku Chonde anatenga malata ndi simenti za K699,000, tinamudulira risiti, koma anati adzalipira mwininyumba akatumiza ndalama. Katundu ameneyu ndi wogulitsidwa mu Julaye, ndipo VAT yake ndi ya Julaye, ngakhale kuti pa 31 tinali tisanaone ngakhale tambala. Izi bwana sazikonda, koma ndi mmene zilili: msonkho umatsata risiti, sudikira kuti munthu alipire. Ndinachotsa K699,000.

Chachiwiri chinali chosemphana nacho, ngongole yakale. Esiteti ina ya tiyi ya ku Thyolo inatenga mapaipi mu Juni, a K932,000, n'kulipira pakati pa Julaye. Ndalama imeneyi inali m'gulu la zomwe ndinazitcha zogulitsa za Julaye, chonsecho VAT yake inaperekedwa kale pa fomu ya Juni. Akanati mayiwo angolandira nambala yanga, shopu ikanalipira msonkho kawiri pa mapaipi omwewo.

Apa ndipamene ndinakhalitsa, chifukwa kubanki sikunalowe K932,000. Kunalowa K908,000. Ndinayamba kuganiza kuti mwina a esiteti analakwitsa, mwinanso banki inadula zake. Ayi. Mtengo wa mapaipiwo usanaikidwe VAT unali K800,000, ndipo esiteti inadulapo 3 peresenti, yomwe ndi K24,000, ngati msonkho wodulidwiratu polipira. Iwo amakaupereka ku MRA m'dzina la shopu yathu, ndipo amayenera kutipatsa satifiketi yosonyeza kuti adula. Ndalamayo sinatayike: pakutha pa chaka cha msonkho akauntanti amaichotsa pa msonkho wa phindu umene shopu ikuyenera kulipira. Koma popanda umboni wake sangaichotse, ndipo m'buku la angongole imangokhala ngati esiteti ikadali ndi ngongole ya K24,000 yomwe sidzalipidwa. Satifiketiyo ndinakaipeza m'envulopu yomwe dalaivala anaisiya pamwamba pa zitini za penti. Kuyambira pamenepo ndili ndi fayilo yakeyake, ndipo ndimayang'ana kuti TPIN, nambala ya wolipira msonkho ku MRA, yolembedwapo ndi yathudi.

Chachitatu n'chodziwika kwa aliyense wogwira ntchito m'shopu ya munthu: bwana kupisa dzanja m'dilowa. Tsiku lomwe lole ya simenti inafika, anatengamo ndalama zolipira thiransipoti ndi anyamata otsitsa matumba. M'buku ndinalemba K58,000.

Tsono ndinawerengera: K9,786,000, kuchotsa K699,000, kuonjezera K908,000, kuchotsa K58,000. Yankho linali K9,937,000. Ine ndinali ndi K9,910,000. Ikusowa K27,000.

Kunena zoona mtima unagunda, poti ndalama ikasowa m'shopu woyamba kumuyang'ana ndi kalaliki. Koma kusukulu anali atatiphunzitsa kuti kusiyana kukamagawika ndi 9 popanda chotsala, uyambe wakayikira kuti manambala awiri asinthana malo. Ndinafufuza kapepala kamene bwana anasainira tsiku la lole lija. Kanati K85,000. Ine ndinakopera 58 m'malo mwa 85, ndipo kusiyana kwake ndi 27 yemwe uja. Nditakonza, zinagwirizana ndendende. Njira ya 9 imeneyi siumboni, imangokulozera poyambira. Tsiku lina K27,000 ikhoza kukhala yosowadi.

Panatsala kutulutsa VAT m'kati mwa K9,786,000. Nthawi imeneyo mlingo wake unali 16.5 peresenti, ndipo katundu wathu yense ndi wolipiritsa VAT pa mlingo wonse. Ndinangochulukitsa ndi 16.5 peresenti n'kupeza K1,614,690, yomwe sinafanane ndi zomwe ma Z ankanena. Cholakwa chinali chakuti mitengo yathu ili kale ndi msonkho m'kati, ndiye ndinkaika msonkho pamwamba pa msonkho. Mu Excel, ndalama yokhala kale ndi VAT ikakhala mu B2, muyenera kulemba chonchi:

```
=B2*16.5/116.5
```

Zimenezi zinapereka K1,386,000, kutsala K8,400,000 ya katundu weniweni. Njira yanga ija ikanaonjezera K228,690 yopanda pake. Mlingo ukasintha, manambala onse awiri mu fomulayo amasintha limodzi.

Zomwe ndinapita nazo ku Limbe pa 6 Ogasiti sizinali zambiri. Tsamba limodzi la Excel, tsiku lililonse mzere wake, lokhala ndi deti, nambala ya Z Report, ndalama yopanda VAT, VAT, ndi zonse pamodzi. Pepala losonyeza ulendo uja wochoka pa K9,786,000 kufika pa K9,910,000. Mndandanda wa angongole monga unalili pa 31 Julaye, masitetimenti a banki ndi a m'mafoni, satifiketi ija, ndi ma invoisi a katundu yemwe tinapikula, poti VAT yomwe tinalipira pogula imachotsedwa pa K1,386,000 ija. Ma Z ndinawajambulitsa fotokope, chifukwa pepala la makinawo limafufutika. Ndi kutentha kwa m'shopu ya malata, a chaka chatha ena anayera mbee.

Fomu ya VAT imayenera kulowa pa Msonkho Online, webusaiti ya MRA, pofika pa 25 mwezi wotsatira, koma mayiwo safuna mapepala pa 24. Amati pasanafike pa 10, kuti chikasowa chinthu pakhale nthawi yochisaka. Atatsegula ma invoisi anapatula awiri n'kundibwezera: sanali malisiti a EFD, anali olemba pamanja opanda TPIN ya wogulitsa, ndipo anati VAT ya pamenepo sangaiitanitse. Ndinakwera minibasi ya ku Mulanje nditawapinda m'chikwama, ndikuganiza mmene ndikawauzire bwana kuti akabwerere kwa amene anawagulitsa misomaliyo.