Chaka Chatsopano, Mphindi 45 Zokha

Inu a mu ofesi amene mumati nthawi palibe, Januwale uno takukonzerani pulogalamu ya mphindi 45 pa jimu yathu. Mphindi 5 kutenthetsa thupi, 30 kunyamula zitsulo ndi kupalasa njinga, 10 kusamba, kenako kubwerera kuntchito. Bwerani katatu pa sabata: mmamawa, pa lanchi kapena mukaweruka.

Mukalembetsa mwezi uno, ndalama yolowera simulipira, ndipo mumalipira mwezi ndi mwezi, osati chaka chonse. Tatero dala, poti ambiri amayamba ndi moto, kubwera tsiku lililonse, miyendo n'kuuma, pofika Febuluwale zii. N'chifukwa chake sabata yoyamba mphunzitsi azikupatsani zitsulo zopepuka, olo mudandaule. Nyamulani nsapato ndi thaulo basi.